Webina yopanda poima, anthu amaseluka mwakacetecete

Masiku ano maphunzilo ambili mu Lusaka asamukila pa foni. Bungwe la amalonda, gulu la ku chalichi, kampani yobweleketsa ndalama, onse amakutumizila linki pa WhatsApp, ati lowani pa Zoom 18 koloko. Dzina lake ati webina, kutanthauza msonkhano wa maphunzilo umene mphunzitsi akamba ali kwake, omvetsela naonso ali kwao. Bvuto ndi lakuti ambili okonza mawebina amenewa amangotenga mmene amacitila mu holo n'kuuika pa foni. Munthu mmodzi akamba ola lathunthu osapuma, pothela pake afunsa kuti "pali funso?", kuli zii, ndiye athokoza onse cifukwa ca kumvetsela bwino. Ine ndikuti zii ameneyo si umboni wakuti anthu amva. Nthawi zambili ndi umboni wakuti anacoka kale, angosiya maina ao pa sikilini.

Mu holo, mphunzitsi amaona nkhope. Wina akayamba kusinza kapena kukwinya pamphumi, amadziwa kuti apa pafunika kubweleza. Pa webina maso amenewo kulibe. Makamela ndi otseka, ndipo ndi bwino kuti akhale otseka, cifukwa vidiyo imadya bandulo. Malinga ndi zimene a Zoom eni ake amalangiza pa mphamvu ya netiweki, mau okha pamodzi ndi masilaidi sangapitilile kwambili 70 MB pa ola, koma vidiyo yabwino ingafike pafupi-fupi 270 MB pa ola lomwelo. Munthu amene wagula bandulo ya tsiku limodzi simungamuuze kuti "yatsani kamela tikuoneni". Manje ngati simungamuone, mudzadziwa bwanji kuti akali nanu?

Ganizilaninso kumene munthuyo ali pa 18 koloko. Ambili a inu amene muwelenga danga lino mudziwa. Muli mu basi yocoka pa Kulima Tower kupita ku Chelstone, mwaima pa mzele wa mamotoka mu Great East Road, hedifoni imodzi m'khutu, dzanja lina lagwila cikwama, kondakita afuna ndalama yake. Wina ali ku Kanyama ayang'ana mphika pa mbaula, wina atseka shopu ku Matero, wina malaiti anapita masana ndipo batile yatsala pang'ono. Anthu amenewa si aulesi. Afuna kuphunzila, ndiye cifukwa cake alowa. Koma webina ilimbana ndi zinthu khumi zimene zili pafupi nao kuposa mau a mu foni. Conco wokonza ayenela kuidula m'zigawo zifupi-zifupi, ndipo pakati pa zigawozo aikepo zinthu ziwili: kafunso kovotela ndi kupuma kwa mamineti ocepa.

Kuti tisakambe za m'mwamba, tiyeni titenge citsanzo cimodzi n'kuyenda naco mpaka kumapeto. Tinene kuti gulu lina la amalonda lakonza webina ya ola limodzi ya eni mashopu, masaluni ndi mabala amene ali ndi wanchito mmodzi kapena awili. Nkhani yake ndi zopeleka za ku NAPSA. Zofunika kuti munthu atuluke nazo ndi ziwili cabe. Coyamba, copeleka ndi 10 pelesenti ya malipilo a wanchito, 5 pelesenti icoka kwa wanchito, 5 pelesenti ina icoka m'thumba la bwana. Caciwili, ndalamayo iyenela kufika pasanapitilile pa 10 mwezi wotsatila. Tinene kuti alowa anthu 60.

Mamineti asanu oyamba si a mbili ya mphunzitsi ndi masatifiketi ake. Ndi a moni wacidule ndi funso loyamba lovotela, losavuta, limene aliyense angayankhe osaganiza: mumvetsela muli kuti? Mu basi, pa nchito, kunyumba, kapena kwina. Funso ili lioneka ngati laceza, koma ligwila nchito ziwili. Liphunzitsa anthu mmene kavotiko kaonekela pa foni yao ndi pamene ayenela kudina, kuti funso lenileni likabwela asasokonezeke. Komanso liuza mphunzitsi mtundu wa anthu amene ali nao. Ngati theka ayankha kuti ali mu basi, ndiye kuti theka sayang'ana pa sikilini nthawi zonse, ndipo nambala iliyonse imene ili pa silaidi ayenela kuichula ndi pakamwa, kawili.

Kucokela 18:05 mpaka 18:15 mphunzitsi akamba gawo loyamba, mfundo imodzi yokha: copeleka ndi zingati ndipo cicoka kwa ndani. Mamineti khumi akakwana aime, ngakhale kuti mau akali kukoma m'kamwa. Apa pabwela funso laciwili, limene ndilo mtima wa webina yonse. Wanchito wanu alandila K2,000 pa mwezi. Ndi zingati zonse pamodzi zimene zipita ku NAPSA? Mayankho osankhapo ndi anai: K100, K200, K400, ndi "sindidziwa".

Onani mmene mayankhowo asankhidwila. Yankho loona ndi K200, cifukwa 5 pelesenti ya K2,000 ndi K100, ndiye K100 ya wanchito kuika pamodzi ndi K100 ya bwana. K100 sinaikidwe mwangozi, ndi yankho la munthu amene waiwala gawo la bwana. K400 ndi ya amene aganiza kuti aliyense apeleka 10 pelesenti. Yankho lililonse lolakwa liloza pa kusamva kwa mtundu wake, conco mavoti akabwela mphunzitsi sangodziwa kuti anthu aphonya, adziwanso pamene aphonyela. Ndipo "sindidziwa" ndi wofunika kwambili. Mukamucotsa, munthu wosadziwa amangodina paliponse, ndipo ena mwa iwo amagwela pa yankho loona mwamwai, inu n'kumaganiza kuti zinthu zili bwino.

Yelekezani funso limeneli ndi lija timamva kawili-kawili lakuti "Kodi mwamvetsa? Inde kapena iyai." Ndani angadine iyai? Tonse tinaleledwa kuti tisacititse mphunzitsi manyazi. Funso lotelo limabweletsa ma inde okha-okha ndipo silikuuzani ciliconse. Funso labwino limapatsa munthu kanchito kocita ndi zimene wangomva kumene.

Kaponyedwe ka funso nakonso kali ndi njila yake. Mafunso onse alembedwe webina isanayambe, pa Zoom amakhala pansi pa Polls, osati mphunzitsi ayambe kutaipa anthu ali kuyembekeza. Funso likaonekela, aliwelenge mokweza pamodzi ndi mayankho onse, cifukwa ca uja wa mu basi amene foni ili m'thumba. Akatelo akhale cete. Apa ndi pamene ambili amalephela. Masekondi khumi a cete amaoneka ngati caka kwa munthu amene akamba, ndiye amatseka voti msanga kapena amayamba kufotokoza yankho. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu afunika kutulutsa foni, kuitsegula, kuwelenga, kuwelengela, ndipo netiweki nayo imacedwetsa. Mupatseni mineti yathunthu. Pa sikilini ya wocititsa pamaoneka ciwelengelo ca amene ayankha. Cikasiya kukwela, nenani kuti kwatsala masekondi khumi, tsekani, ndipo onetsani zotuluka kwa onse ndi Share Results. Anthu amafuna kuona kuti anzao ayankha ciani. Mukabisa zotuluka, ulendo wina sadzavota.

Manje tinene kuti mwa anthu 60 avota 48. Pa K100 pali 20, pa K200 pali 19, pa K400 pali 3, ndipo 6 ati sadziwa. Apa ndi pamene webina yeniyeni isiyana ndi sewelo. Amene apeza ndi 19 cabe mwa 48, osafika ndi theka. Mphunzitsi akangoti "yankho ni K200, tiyeni tipitilize", ndiye kuti voti ija inali yokongoletsa cabe, ndipo anthu 20 aja adzapita kukadula K100 kwa wanchito n'kuiwala yao. Mfundo yanga yaikulu ndi iyi: voti imene singasinthe zimene mphunzitsi adzakamba pambuyo pake ndi yotaitsa nthawi ndi bandulo. Musanaponye funso, muyenela kudziwilatu cimene mudzacita likayankhidwa bwino ndi cimene mudzacita likayankhidwa moipa.

Pali muyezo umene ungathandize. Eric Mazur, mphunzitsi wa fizikisi pa yunivesite ya Harvard ku America, anayamba ca m'ma 1990 kuimitsa phunzilo lake n'kuponya funso lovotela kwa ophunzila. Amene atsatila njila yake amati ngati opeza apitilila 70 pelesenti, fotokoza mwacidule upitilize. Ngati acepela 30 pelesenti, phunzitsanso. Ngati ali pakati, ophunzila akambilane okha-okha, kenaka avotenso. Anthu athu 19 mwa 48 ali pafupi ndi 40 pelesenti, conco ali pakati. Koma pa webina palibe mnzako wokhala naye pa benchi, ndipo kugawa anthu a pa foni m'tumagulu kumataya ena panjila. Cimene cingatheke ndi kupempha wodzipeleka mmodzi wa K100 ndi mmodzi wa K200 kuti atsegule maikolofoni, aliyense akambe mmene wawelengela m'masekondi makumi atatu. Mau acilendo okha amadzutsa anthu amene anazolowela liu limodzi. Pambuyo pake mphunzitsi aponye funso lofanana koma la nambala ina, limene analikonzelatu: wanchito wa K3,000. Ambili akafika pa K300, gawo latha bwino. Zonsezi zitenga mamineti asanu kapena asanu ndi awili, ndipo ayenela kukhala mu pulani kucokela paciyambi.

Gawo laciwili, la mmene munthu angalembetsele wanchito wake, lifika mpaka 18:30. Apo ndi pa siteshoni, kupuma kwa mamineti asanu. Ndidziwa cimene okonza ambili amaopa. Amati ukangowapatsa mpata, anthu aseluka ndipo sabwelanso. Mantha amenewa ali ndi cifukwa, pakuti ena amacokadi. Koma kumbukilani kuti munthu amene afuna kupita kucimbudzi, kupatsa kondakita ndalama, kusintha basi pa City Market kapena kusakila chaja, adzacita zimenezo kaya mwamulola kaya iyai. Kusiyana kwake ndi kwakuti mukapanda kumupatsa nthawi, adzazicita pakati pa mfundo yanu yofunika, ndipo pobwela adzapeza kuti watayika, ndiye adzatuluka zenizeni. Akadziwa kucokela paciyambi kuti pa 18:30 pali kupuma, amapilila mpaka pamenepo.

Mu 2021 kampani ya Microsoft inayesa anthu 14 amene anavala tuzipangizo toyeza mmene ubongo ugwilila nchito. Tsiku lina anakhala pa misonkhano inai ya pa vidiyo, uliwonse wa theka la ola, yotsatizana osapuma. Tsiku lina anapatsidwa mamineti khumi opuma pakati pa misonkhanoyo. Zizindikilo za kupanikizika zinali kuunjikana pamene panalibe kupuma, koma pamene panali kupuma sizinaunjikane. Anthu 14 ndi ocepa, sitinganene kuti nkhani yathela pamenepo, koma zigwilizana ndi zimene aliyense amene anakhalapo maola awili foni ili kukhutu adziwa m'mutu mwake.

Kupuma kumene kumataya anthu ndi kuja kosakonzeka. Wocititsa angoti "tipumuleko pang'ono" n'kuzimilila. Pang'ono ndi mamineti angati? Wina abwela patapita awili apeza kuli zii, aganiza kuti netiweki yaduka, atuluka. Wina abwela patapita khumi ndi asanu. Musanene kutalika kwa kupuma kokha, nenani nthawi ya pa wochi: tiyambanso 18:35. Muilembe pa silaidi m'zilembo zikulu-zikulu ndi kuisiya pa sikilini, muilembenso mu Chat. Auzeni anthu kuti asadine Leave, angoika foni pansi, pakuti silaidi yosayenda siidya bandulo yambili. Pa cifukwa comweco musaike vidiyo ya nyimbo kapena yotsatsa malonda. Musayambenso kuyankha mafunso mkati mwa kupuma, cifukwa amene anamvela mau anu n'kucokapo adzaona kuti mwawanamiza. Ndipo 18:35 ikakwana yambani, ngakhale ena akalibe kubwela. Mukacedwa kamodzi, mwaphunzitsa onse kuti wochi yanu ndi yongokamba.

Cina cimene cimabweza anthu ndi kuwasiyila nkhani yosatha. Asanapume, mphunzitsi anene kuti tikabwela tikamba za tsiku limene likakupitilila uyamba kulipila cilango. Pobwela, osayamba ndi kukamba, ayambe ndi voti yacitatu: copeleka ca malipilo a Juni ciyenela kufika liti? Pa 30 Juni, pa 10 Julayi, pa 31 Julayi, kapena sindidziwa. Funso ili litsegula gawo lacitatu, komanso liwelenga amene abweladi. Apa yang'anani manambala awili. Ngati pa Participants pali 55 koma avota 25, ndiye kuti mafoni 30 ali okha. Kapena anthu akali kutali, kapena voti siionekela kwa iwo. Dikilani mineti imodzi, funsani mu Chat ngati onse aiona, musathamangile kupatsa mipando yopanda anthu mfundo yanu yofunika kwambili.

Kucokela ca m'ma 18:45, mamineti khumi ndi a mafunso a anthu. Apa mutu umodzi susenza denga. Amene aphunzitsa sangathe kukamba, kuponya mavoti, kulowetsa amene netiweki inawataya ndi kuwelenga Chat nthawi imodzi. Pafunika munthu waciwili amene nchito yake ndi imeneyo, ndipo iye ndiye asonkhanitsa mafunso n'kuwelenga atatu kapena anai amene abwelezedwa kwambili. Voti yomaliza isakhale yakuti "mwaikonda webina?" Ifunse kuti ndi ciani cingakulepheletseni kulipila mwezi uno: ndalama, kusadziwa kulembetsa, wanchito akana kudulidwa, kapena palibe. Funso lotele liyenela kukhala lobisa maina, ndipo pa Zoom pali posankha kuti mayankho akhale otelo pamene mulemba funsolo. Muwauze anthu momveka kuti maina saoneka, apo ayi aliyense adzayankha kuti palibe bvuto. Zotuluka zake ndizo mutu wa webina yotsatila. Pa 19:00 tsekani, monga munalonjezela.

Wina adzati, nanga ife amene tilibe ndalama yolipilila Zoom? Ndi funso loyenela, cifukwa pa Zoom yaulele mavoti kulibe, ndipo msonkhano umaduka pa mamineti 40. Koma njila ikalipo. Lembani funso pa silaidi, mayankho muwapatse manambala 1, 2, 3, 4, anthu ayankhe mu Chat. Coipa cake ndi cakuti woyamba akalemba 2, ena onse amangotsatila monga mmene anthu amathamangila basi imene yayamba kudzala. Conco auzeni kuti alembe nambala koma asatumize, muwelenge mpaka katatu, onse atumize pamodzi. Kumbukilaninso kuti mu Chat maina amaoneka, conco mafunso ocititsa manyazi asiyeni. Ndipo kuduka kwa pa mamineti 40 kusakudzidzimutseni pakati pa ciganizo. Kupangeni kukhala siteshoni yanu: malizani gawo loyamba pa mamineti 35, pumulani mamineti khumi, ndipo linki yolowelanso ikhale itatumizidwa kale pa gulu la WhatsApp pamodzi ndi nthawi yobwelela.

Mavoti naonso ali ndi malile. Kuponya funso mamineti atatu alionse kumatopetsa, maka-maka kwa uja amene ayenela kutulutsa foni m'thumba mu basi yodzala. Anai kapena asanu pa ola akwana. Ngati webina ndi ya maola awili, mamineti asanu sakwana, pafunika khumi pakati, ndipo wokonza adzifunse ngati sikungakhale bwino kuigawa masiku awili.

Cotsutsa cacikulu cimene ndimamva ndi cakuti mukawelengela, mphunzitsi wakamba mamineti makumi atatu cabe mwa ola lathunthu, ndiye zambili zimene anakonza zatsala. Zoona, zatsala. Koma funso si lakuti wakamba zingati, funso ndi lakuti anthu atenga zingati. Mwini saluni amene watuluka adziwa kuti pa K2,000 apeleka K200 ndipo tsiku lake ndi pa 10, wapindula kuposa amene anamva masilaidi makumi anai n'kutsala ndi dzina la mphunzitsi lokha. Zotsalazo zingalembedwe pa tsamba limodzi n'kutumizidwa pa WhatsApp.

Kwa inu amene mumalowa mawebina muli paulendo, muli ndi mbali yanu. Voti ikabwela dinani, ndipo ngati simudziwa dinani "sindidziwa" mosaopa, cifukwa safunsa anadya phula, ndipo yankho limenelo ndilo liuza mphunzitsi kuti abweleze. A dalaiva okha ndiwo tiwakhululukila, manja akhale pa siteling'i, adzamvela zojambulidwa akafika kunyumba. Ndipo linki ikabwela yolembedwa kuti 18:00 mpaka 20:00 popanda kuchula nthawi yopuma, muli ndi ufulu wofunsa okonza kuti, a bosi, tipumula nthawi bwanji? Bandulo imene ipita pamenepo ndi yanu.